Za moto wa m'balani: musathamange kukweza moto tsamba likadali ndi madzi

Eya, moni nonse a m'kalabu, akuluakulu, amayi, ndi anyamata amene mwayamba chaka chino. Ndati ndilankhule m'malo molemba, chifukwa nkhani ya balani ndi yaitali. Ndikulankhula kuchokera kuno ku Mitundu, mvula ikuwaza, ndiye mukamva phokoso ndi malata amenewo.

Funso linali lakuti moto wa m'balani tiziuyendetsa bwanji kuti fodya asawonongeke... koma ayi, poyamba ndisiyanitse kaye mitundu ya fodya, chifukwa ena mukusakaniza. Fodya wa bale, amene ambiri kuno ku Lilongwe timalima, safuna moto. Uja mumasoka, mumapachika pa mikangala m'chigafa, mphepo ndi imene imagwira ntchito, mwezi wathunthu kapena kupitirira, mpaka msempha wa pakati uume. Chachikulu pamenepo musathinanitse, mpweya uzidutsa, apo ayi mvula ikachita masiku mupeza chuku ndipo tsamba liola. Zimenezo mukuzidziwa. Wa chikopa amafuna utsi, ameneyo ndi nkhani ina. Lero ndikunena wa kampopi, wa m'balani, amene moto umayaka kunja m'ng'anjo, kutentha n'kumayenda m'mapaipi mkati. Utsi suyenera kukhudza tsamba. Ndibwereze: utsi usalowe. Paipi ikabooka kapena polumikizira pakatseguka, fodya amanunkha utsi, ndipo ku Kanengo ogula amamva ndi mphuno asanayang'ane n'komwe. Ndiye musanalowetse tsamba, yatsani kamoto kaye balani ili yopanda kanthu, mulowe, muone pamene pakufuka, mumate.

Chabwino. Mwathyola tsamba lokhwima, mwamanga, mwadzaza balani tsiku lomwelo. Tsiku lomwelo, ndithu. Osati theka lero theka mkuja, chifukwa lina likhala lapsa kale pamene lina silinayambe. Tinene kuti mwadzaza Lolemba madzulo.

Gawo loyamba ndi lofuna kuti tsamba lisanduke lachikasu. Apa simukuumitsa ayi. Anthu amalakwitsa poganiza kuti moto ukangoyaka ndiye kuumitsa kwayamba. Tsamba lija likadali lamoyo, likupuma, kubiriwira kukuchoka pang'onopang'ono, ndipo mkati mwake mukupangika shuga amene amapatsa kampopi mtengo. Ndiye kamoto kakang'ono, madigiri 32 mpaka 38 pa themomita, mawindo a mpweya otseka kapena otsegula pang'ono chabe kuti chinyezi chikhale momwemo. Zimatenga tsiku ndi theka, masiku awiri, nthawi zina kuposera. Masamba a pansi pa mtengo, opyapyala aja, amafulumira. A kunsonga, okhuthala, amachedwa. Ndiye musamati "mnzanga anakweza moto Lachitatu m'mawa, nanenso ndikweza." Yang'anani tsamba lanu.

Themomita ipachikeni pa mzere wa pansi wa fodya, chapakati, osati pafupi ndi paipi, osati pakhomo. Kuli mlamu wanga wina uko cha ku Malingunde, ndinamuuza za themomita, iye akuti, "Alamu, ine dzanja langa ndi themomita, ndinayamba kalekale ku esiteti." Dzanja lingasiyanitse 38 ndi 45 usiku wa mvula, munthu uli ndi tulo? Fodya wake anatuluka wa girini, anagulitsa mtengo wolira, n'kumati ogula ndi okondera. Komabe tisiye zimenezo.

Tsopano apa, apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ine pamenepa panandidyera balani yathunthu. Kuchoka pa chikasu kupita pa kuumitsa. Pali maenje awiri. Mukakweza moto msanga, tsamba lisanamalize kusintha, kubiriwira kuja kumakhazikika, sikuchokanso, ngakhale mutachita bwanji. Ndi girini ameneyo. Koma dzenje linalo ndi loipa kwambiri: tsamba lasanduka lachikasu bwinobwino, lokongola, inu n'kusangalala, n'kuthira nkhuni zambiri kuti ziume msanga, pamene tsambalo likadali lodzaza madzi ndipo mawindo ali chitsekere. Simukuumitsa pamenepo, mukuphika. Tsamba limachita thukuta, limayamba madontho a bulauni, kenako lonse limada, lina lotuwa ngati lothira phulusa. Ine ndinatsegula chitseko m'mawa, nthunzi n'kundimenya kumaso, madzi akudontha kuchokera ku denga, fungo ngati la ndiwo zowira. Ndinadziwiratu kuti zatha.

Ndiye muchite chonchi. Tsamba likafika pakuti pafupifupi lonse ndi lachikasu, kubiriwira kwangotsala m'mbali mwa msempha, yambani kutsegula mawindo, a pansi olowetsa mpweya ndi a pamwamba otulutsa nthunzi. Mutsegule kaye, kenako mukweze. Ndanena mobwerera? Ayi, ndi momwemo: mawindo poyamba, moto pambuyo. Ndipo kukwezako ndi digiri imodzi pa ola, osaposa. Mukafika cha m'ma 42, 43, imani pamenepo. Dikirani tsamba lifote. Mulowetse dzanja mugwire tsamba la mzere wa pansi: likhale lofewa, lolendewera ngati nsalu, mukalipinda pa chala lisathyoke, nsonga yake yayamba kupindika ndi kuuma. Ngati likadali lolimba, lonenepa madzi, lozizira m'manja, musakweze. Ngakhale papite maola ambiri, musakweze. Likafota, ndiye muziyenda pang'onopang'ono mpaka 50, kenako 55, n'kukhala pamenepo mpaka tsamba lonse liume, kutsale msempha wokha.

Amene muli ndi themomita yachiwiri, ija yokulunga kansalu konyowa kumutu, imeneyo ndi imene imakuuzani za chinyezi. Pa nthawi youmitsa tsamba izisewera cha m'ma 38 mpaka 40. Ikapitirira, ndiye kuti nthunzi yachuluka, onjezerani kutsegula. Kansaluko kasaume, kakauma kakunamizani. Amene mulibe, yang'anani denga ndi chitseko mkati: mukaona madontho a madzi, tsegulani.

Pa chitsanzo chathu chija, Lolemba mwadzaza, Lachitatu mukufotetsa, Lachinayi ndi Lachisanu tsamba likuuma. Kenako msempha. Apa mutha kukweza mofulumirirako mpaka 65, 70, ndipo mawindo muyambe kutseka chifukwa madzi ambiri atuluka kale. Kusiya potsegula apa ndi kungotenthetsa kunja ndi nkhuni zanu. Musadutse 70 kwambiri, tsamba limafiira, limapserera. Msempha ukamathyoka kuti thyo, osapindika, ngakhale wa m'makona ndi pamwamba, zimitsani moto. Sabata imodzi yakwana, kapena kuwonjezera tsiku. Zofewetsa kuti mutsitse osaphwanya mukuzidziwa, tsegulani usiku chinyezi chilowe.

Aa, ndinaiwala chinthu, ndipo n'chimene chinayambitsa vuto langa lija. Nkhuni. Mukuona, digiri imodzi pa ola imatheka ndi nkhuni zouma zokha. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauponya m'ng'anjo, moto umayamba waphika madzi amenewo, umangofuka, themomita ikutsika. Inu mukuwonjezera zipika, mukuwonjezera, kenako zonse zauma nthawi imodzi n'kulilima, themomita yalumpha madigiri 10 inu muli gone pa mphasa. Basi fodya wapsa. Ndiye nkhuni zaziwisi zimakudyani kawiri: mendulo zimatha zambiri, fodya n'kuwonongekanso. Ife timachita fodya m'balani mu Januwale, Febuluwale, Malichi, mvula ili pakati. Nkhuni za nthawi imeneyo zidulidwe mu Juni kapena Julayi, muziwaze, muziunjike pa mitanda zisakhudze dothi, dzuwa la Okutobala lizimenye, mvula isanagwe muzifunditse pamwamba pokha, m'mbali mphepo izipita. Ndipo poika, zidutswa ziwiri zitatu kawirikawiri, osati chipika chimodzi chachikulu kuti mukagone. Kukamwa kwa ng'anjo kukhale ndi chitseko, ngakhale cha lata; ng'anjo yoyasama imakoka mphepo yozizira yambiri ndipo nkhuni zimangouluka.

Nanga nkhunizo zichokera kuti? Apa ndiye tinene zoona, akuluakulu. Mitengo yachilengedwe, mombo, muwanga, misuku, imene makolo ankachitira fodya, m'midzi muno inatha. Imene yatsala ili ku Dzalanyama, ndipo kumeneko ndi nkhalango yotetezedwa, ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, madzi a m'madamu a Kamuzu aja, amene m'tauni akumwa. Makala akuidya kale nkhalango imeneyo, ife tisawonjezere. Lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera. Mnyamata wina wa kuno anauzidwa, sanamve, anapita ndi ngolo usiku. Anabwerako wapansi, ngolo ndi nkhuni zonse zinatsala komweko, fodya ali m'balani moto wazima pakati pa kuumitsa. Mtengo wa mombo umatenga zaka makumi kuti ufike pamene mumaudulapo, inu n'kuwutentha usiku umodzi. Phiri likayera, mvula ikagwa madzi amangothamanga ndi dothi, dambo limene mumathirira nazale limauma msanga. Si mwaona zitsime za m'dimba mmene zikuphwera Seputembala asanathe?

Ndiye dzalani zanu. Keshya, mthethe, mtangatanga, bulugamu. Bulugamu musadzale m'mphepete mwa dambo, amamwa madzi kwambiri, muikeni kumtunda. Ubwino wa keshya ndi bulugamu, mukadula bwino chitsa chimaphukira, simudzalanso. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma musadikire Malichi, mbande imafuna mvula yokwanira kuti igwire. Ndipo amene mukumanga balani yatsopano, funsani alangizi a ARET, bungwe la kafukufuku ndi ulangizi wa fodya, kapena a kampani imene muli nayo pa mgwirizano za balani ya roketi. Ng'anjo yake ndi yaitali, yopapatiza, imakoka bwino, imalandira nkhuni zing'onozing'ono, ndipo poyerekeza ndi mabalani akale aja nkhuni zimatsika mpaka cha m'ma theka. Koma nayonso mukaipatsa zaziwisi musayembekeze zodabwitsa.

A bale musaseke, kuti ife sitiwotcha. Chigafa chanu chili ndi mphanda zingati? Mitanda, mikangala? Chiswe chikadya, pakapita zaka ziwiri zitatu mwabwereranso kutchire ndi nkhwangwa. N'chifukwa chake alangizi akunena za chigafa cha moyo: mumadzala mitengo m'mizere, motalikirana ngati mmene mumaimikira mphanda, ikakula mumaidulira nthambi n'kumangirira mitanda pa mitengo yamoyoyo, denga pamwamba. Yamoyo chiswe sichiigwetsa, ndipo nthambi zimene mwasadza ndi mikangala kale, zina nkhuni za kukhitchini. Chofunika kusadza nthawi yopachika, kuti masamba a mitengoyo asatseke mphepo, apo ayi chuku chija chabweranso. Mikangala ya nsungwi nayo imakhalitsa mukaisunga pouma.

Wina anafunsanso ngati angasakanize masamba a pansi ndi a pakati m'balani imodzi kuti asunge nkhuni. Ayi, musatero, sasintha nthawi imodzi, ena ada pamene mukudikira enawo. Ngati tsamba lachepa, gwirizanani ndi mnzanu amene wathyola la msinkhu womwewo tsiku lomwelo, mudzaze balani imodzi, mugawane nkhuni ndi kulondera moto usiku, mikangala yanu muike chizindikiro. Za kusankha magiredi ndi kumanga ndindi ndidzanena Loweruka, foni ikutha moto. Zikomo.