Makalata a omvera: Walendi wa shopu wadya miyezi itatu

"Achimwene, mnyamata amene akuchita lendi shopu yanga pa Chinamwali sanalipire miyezi itatu, K80,000 pamwezi. Bilu ya madzi yafika K36,000, mayunitsi a magetsi ndamugulira a K24,000 poti mita ndi imodzi. Ndikhome loko?" Atero mayi ena ochokera ku Matawale.

Mayi, loko uja muyambe mwabweza m'thumba. Mukatseka shopu ndi katundu momwemo mnyamatayo agulitsa chani kuti akubwezereni? Komanso mawa adzanena kuti shuga wasowa mabelo awiri, mlandu nkutembenukira inu. Zotulutsa munthu ndi kugwira katundu zimadzera kukhoti.

Ndawonkhetsa pano, zonse pamodzi ndi K300,000. Musamuuze kuti "ubweretse yonse pa 30", ameneyo angoyamba kuzemba, kumatsegula shopu inu mukapita kutchalitchi. Muitaneni mukhale pansi ndi kope. Choyamba apereke K60,000 ya madzi ndi magetsi sabata ino, chifukwa bilu ili m'dzina lanu, akabwera kudzadula madzi ovutika ndinu ndipo yolumikizanso mulipira ndinu. Ikatsala K240,000 ya lendi ija muidule zidutswa, K10,000 Loweruka lililonse, masabata 24 yatha. Ndikuti pasabata dala, wa shopu ndalama amaigwira tsiku ndi tsiku, mukadikira kutha kwa mwezi mupeza wapita nayo kukaoda katundu ku Limbe.

Koma apa ndipamene ambiri mumagwa: K80,000 ya mwezi uno ikhale payokha, izibwerabe. Apo ayi azikupatsani ma teni sauzande inu nkumasekerera, kumbuyoku ngongole yatsopano ikukula. Ndiye mumufunse mosabisa ngati angakwanitse K120,000 pamwezi. Akayamba kukanda m'mutu tsitsani ya pasabatayo, bola yochepa yobwera kusiyana ndi yambiri ya pakamwa.

Zonsezi zilembedwe, madeti, ndalama, ndi zoti akaphonya masabata awiri otsatizana mgwirizano watha mumupatsa notisi. Asayine iye, musayine inu, pakhale mboni, aliyense atenge pepala lake. Azitumiza pa Mpamba kapena Airtel Money kuti uthenga ukhale umboni. Ndipo mayi ndikukalipireniko pang'ono, miyezi itatu yonseyi munali kuti? Inu malandilodi sabata iliyonse makalata anu ndi omwewa, mwezi woyamba mumangoti "ndi mwana wa mnzathu wa kumpingo", kudzadzidzimuka ngongole itamera mano.

Bambo a ku Sadzi mwafunsa zoikapo chiwongoladzanja pa ngongole ya lendi: ngati simunagwirizane poyamba, zisiyeni. Achemwali a ku Mpondabwino amene mukukangana za mayunitsi ndi wa saluni, muikireni kamita kakekake, choumitsira tsitsi chija si babu ayi.