VirtualBox yakana kuyatsa Ubuntu? Konzani m'BIOS

Mwaika VirtualBox bwinobwino, mwakopera Ubuntu usiku wonse mpaka bando yatha, ndiye mwadina Start. M'malo moti Ubuntu iyake, pakubwera uthenga uwu:

```
VT-x is disabled in the BIOS for all CPU modes
VERR_VMX_MSR_ALL_VMX_DISABLED
```

Chonde musafufute chilichonse. Ndimamva chisoni kuona ophunzira akuchotsa pulogalamu n'kuikanso katatu konse, ena mpaka kufomata laputopu yonse, pomwe vuto silili mu Windows, lili m'BIOS, pulogalamu ya makonzedwe a kompyuta imene imayamba kugwira ntchito Windows isanayake.

Nkhani yake ndi iyi. VirtualBox imapanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa kompyuta yanu, ndipo kuti itero imafuna thandizo la purosesa. Pa purosesa ya Intel luso limeneli amalitcha VT-x, pa AMD ndi AMD-V. Malaputopu ambiri amabwera nalo lili lozimitsa. Kale VirtualBox inkatha kukakamira popanda lusoli, koma kuyambira pa 6.1, yomwe inatuluka mu 2019, zimenezo zinatha.

Tiyambe tatsimikiza. Pano ndili ndi Lenovo ThinkPad T470 ya Windows 10. Ndikudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager yatseguka. Ndikupita pa Performance, kenako CPU. Taonani m'munsimu kumanja: Virtualization: Disabled. Ndi pamenepa pagona vuto.

Lumikizani chaja, makamaka ngati batire yanu ndi yotopa. Ngati disiki yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker, lembaninso papepala kiyi yake ya manambala 48, chifukwa nthawi zina Windows imaifunsa zinthu zikasintha m'BIOS.

Tsopano tilowe m'BIOS. Ndikuyatsanso laputopu, ndipo chizindikiro cha Lenovo chikangoonekera ndikudina F1 mobwerezabwereza. Pa Dell ndi F2, pa HP mumadina Esc kenako F10. Windows ikakupitirirani, musalimbane ndi mabatani. Gwirani Shift osasiya, dinani Restart, sankhani Troubleshoot, kenako Advanced options, kenako UEFI Firmware Settings. Ikupititsani komweko yokha.

Talowa. Muno mbewa sigwira ntchito, tiyenda ndi mabatani a mivi. Ndikupita pa Security, ndikutsika pa Virtualization, ndikudina Enter. Pali mizere iwiri, ndipo anthu ambiri amasokonezeka pano. Wapamwambawu, Intel (R) Virtualization Technology, ndi umene tikufuna. Winawu, Intel (R) VT-d Feature, ndi wokhudza kupereka zipangizo monga khadi ya netiweki mwachindunji kwa kompyuta yongoyerekeza. Mukayatsa VT-d yokha, uthenga uja ubweranso. Ndiye wapamwambawu ndikuusintha kuchoka pa Disabled kupita pa Enabled.

Ngati yanu ndi ya AMD, musataye nthawi kufunafuna VT-x. Fufuzani SVM Mode, kawirikawiri imakhala pansi pa Advanced.

Kenako F10, ndi kuvomera Yes. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amatuluka ndi Esc osasunga, n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Zina zonse muno zisiyeni momwe zilili, makamaka za Secure Boot ndi za disiki, chifukwa mukazigwiragwira Windows ikhoza kukana kuyaka.

Windows yayakanso. Task Manager tsopano ikuti Virtualization: Enabled. Ndikudina Start mu VirtualBox, si uyo Ubuntu akuyaka!

Koma alipo ena amene aona Enabled, VirtualBox n'kumakanabe ndi uthenga wa VERR_VMX_NO_VMX, kapena kuyaka koma mochedwa zedi, kakamba kobiriwira kakuoneka pakona ya m'munsi kumanja. Kwa inu BIOS ilibe mlandu, musabwererekonso. Ndi Windows yomwe yayamba kutenga VT-x kudzera mu Hyper-V, pulogalamu yake yopangira makompyuta ongoyerekeza, ndiye VirtualBox yapeza mpando uli ndi mwini kale. Tsegulani Windows Security, pitani pa Device security, kenako Core isolation, muzimitse Memory integrity. Mukatero tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, mulembe izi:

```
bcdedit /set hypervisorlaunchtype off
```

Yatsaninso kompyuta. Koma dziwani mtengo wake: Memory integrity ndi chitetezo chenicheni, ndipo WSL 2 ndi Docker Desktop zimene zimadalira Hyper-V zisiya kugwira ntchito. Mukazifunanso, lembani lamulo lomwelo, koma kumapeto muike auto m'malo mwa off.

Chomaliza ndi cha ife ogula malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito. Ambiri anachokera m'makampani akunja, ndipo ena amabwera BIOS yake ili ndi pasiwedi. Mukadina F1 n'kuona kaloko, kapena mzere uja ukukana kusintha, musamangolosera. Pa ThinkPad ngati iyi, kuchotsa kabatire kam'kati sikuchotsa Supervisor Password. Bwererani nayo kwa amene anakugulitsani, akupatseni pasiwediyo kapena akusinthireni ina.