Tisanaphatikize manambala: kukonza kawuniwuni wa thandizo la amayi ovutika maganizo akabereka

Zikomo amayi ndi abambo, azamba, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi ophunzira nonse amene mwabwera. Ntchito imene tikufuna kugwira limodzi ndi yosonkhanitsa akafukufuku onse amene anayesa njira zothandizira amayi ovutika maganizo akabereka, m'maiko momwe madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa, kenako n'kuwaunika mwadongosolo kuti tione njira yothandizadi. Ambiri akamva zimenezi amathamangira pa kompyuta kukasaka mapepala. Ine ndikupempha kuti tiyambe tamanga funso, chifukwa funso likakhala lotayirira, masamu a kumapeto sangatipulumutse ngakhale atakhala olondola chotani.

Nditenge akafukufuku atatu enieni, amene mudzakumana nawo ndithu mukayamba kusaka.

Woyamba ndi wa ku Pakistan, m'midzi ya ku Rawalpindi, wotsogoleredwa ndi Atif Rahman, amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2008. Anatenga amayi 903 amene anali m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, onse atapezeka kale ndi matendawa. Alangizi a zaumoyo achizimayi, oyenda khomo ndi khomo, anaphunzitsidwa njira yotchedwa Thinking Healthy, yothandiza mayi kuzindikira maganizo amene akumufooketsa n'kuwasintha. Mwana atakwana miyezi 6, amayi 23 pa 100 alionse amene analandira thandizoli anali akudwalabe, pomwe m'gulu linalo anali 53 pa 100.

Wachiwiri ndi wa ku Santiago, ku Chile, wa Graciela Rojas ndi anzake, wa mu 2007. Amayi 230, obereka kale, odwala kale. Thandizo lake linali losakaniza: maphunziro a pagulu otsogoleredwa ndi azamba kapena anamwino, mankhwala kwa amene anafunika mankhwala, ndi kuwatsatira kuti asasiyire panjira.

Wachitatu ndi wa ku Khayelitsha, ku South Africa, wa Peter Cooper ndi anzake, wa mu 2009. Kumeneko anatenga amayi oyembekezera 449 osasankha kuti uyu akudwala, uyu sakudwala. Cholinga chachikulu chinali chakuti mayi ndi khanda lake azimvana bwino. Za maganizo a mayi anaziyeza ndithu, koma sizinali patsogolo.

Tsono ndikufunseni: atatuwa alowe mu tebulo limodzi, tiphatikize manambala awo? Mayi kumbuyoko akupukusa mutu, ndipo ndikugwirizana nawo. Awiri oyambawo akuchiza anthu odwala. Wachitatu akufikira aliyense, ndipo ambiri mwa amayiwo sanali odwala n'komwe. Munthu amene sakudwala alibe poti achirire, choncho kusintha kwake pa sikelo kumakhala kochepa. Mukamusakaniza ndi odwala, nambala ya pakati imatsika, ndipo njira yochiza bwino imaoneka ngati yofooka. Chisankho choyamba m'ndondomeko yathu chikhale chimenechi: tikuunika kuchiza kapena kupewa? Tikafuna zonse ziwiri, zikhale mbali ziwiri zosiyana kuyambira pa tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Tikati tikuunika kuchiza, tinene kuti wodwala tikumuzindikira bwanji. Ena amagwiritsa ntchito kufunsa kwa katswiri, monga anachitira ku Pakistan. Ena amagwiritsa ntchito EPDS, mafunso 10 amene anapangidwa ku Edinburgh mu 1987, omwe malikisi ake amayambira pa 0 kulekeza pa 30, ndipo akamakwera ndiye kuti vuto likukula. Apa chenjerani: wina amadula pa 10, wina pa 13, ndipo amene wadula pa 10 amalowetsa amayi ambiri amene vuto lawo ndi lopepukirapo. Komanso EPDS ndi yongosefera, siyokwanira payokha kunena kuti munthu ali ndi matenda. Ine sindingataye kafukufuku chifukwa choti anagwiritsa ntchito EPDS yokha, pakuti kumene akatswiri ndi ochepa tikatero titsala ndi mapepala owerengeka. Koma ndingalembe pa fomu yathu yotolera mfundo pomwe anadulira, ndiponso ngati mafunsowo anayesedwapo kuti amagwira bwino m'chiyankhulo cha amayiwo. Tilembenso nthawi. Misozi ya masiku oyamba mayi akangobereka, imene imatha yokha pasanathe milungu iwiri, si imene tikuunika. Ambiri amaika malire pa chaka chimodzi mwana atabadwa. Nanga amene anayamba thandizo ali ndi pakati, monga ku Pakistan kuja? Tisankhe lero, tisanaone zotsatira, kuti alowa kapena ayi. Ine ndikuti alowe, bola zotsatira zinayezedwa mayi atabereka.

Mawu akuti maiko osauka nawonso amafuna malire olembedwa. Ambiri amatsata magulu a World Bank, koma maguluwa amasintha chaka ndi chaka. Chile inali m'gulu la maiko apakati pamene kafukufuku uja ankachitika, ndipo mu 2013 inakwera kulowa m'gulu la maiko olemera. Mukatsata mndandanda wa chaka chino, pepala la Rojas mwalitaya popanda chifukwa. Lembani kuti tikutsata gulu la dziko m'chaka chimene kafukufuku ankachitika.

Mbali imene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi ya gulu loyerekezera nalo. Mapepala ambiri amangoti gulu linalo linalandira chisamaliro cha nthawi zonse. Chisamaliro chanji? Kwina mawuwa amatanthauza kuti mayi sanaonedwe ndi aliyense. Ku Pakistan kuja, amayi a gulu loyerekezera anayenderedwa maulendo ofanana ndi anzawo, kungoti alangizi awo sanaphunzitsidwe njira yatsopanoyo. Zimenezi zikutiuza kuti kusiyana kwa 23 ndi 53 sikunabwere chifukwa chongochezeredwa, kunabwera ndi zimene zinkachitika pa macheza amenewo. Kafukufuku wina amene gulu lake loyerekezera silinalandire kalikonse akhoza kuonetsa kusiyana kwakukulu ngakhale njira yake ili yofooka. Choncho fomu yotolera mfundo ikhale ndi malo olemba zenizeni zimene gulu linalo linalandira, osati dzina lokha.

Pa fomu yomweyo pakhale malo a amene anapereka thandizo: anali ndani, anaphunzira masiku angati, ankamuyang'anira ndani ndipo kangati, ankalipidwa kapena ayi, mayi aliyense anakumana naye kangati. Kwa woyang'anira zaumoyo amene ali ndi antchito ochepa, mfundo zimenezi ndiye zofunika kuposa nambala yomaliza. Taonani zimene zinachitika ndi Thinking Healthy yomweyo. Mu 2019 kunatuluka akafukufuku awiri, wina ku Goa ku India, wina ku Pakistan, momwe thandizoli linkaperekedwa ndi amayi anzawo a m'mudzi osati antchito a zaumoyo. Phindu linaoneka, koma linali locheperapo ndithu. Dzina la njira ndi limodzi, koma opereka ndi oyerekezera nawo anasiyana. Kawuniwuni amene sanatole zimenezi sangathe kufotokoza chifukwa chake manambala akusiyana.

Zonsezi zikalembedwa, timakazilembetsa ku PROSPERO, kaundula wa ndondomeko za kawuniwuni, kuti mawa tisadzasinthe malamulo titaona zotsatira zimene zatikomera. Kenako m'pamene timasaka. Mawu oyambira ndalemba pa bolodipa:

```
("postnatal depression" OR "postpartum depression" OR "perinatal depression")
AND (trial OR randomized OR randomised)
```

Pansi pake muwonjezere maina a maiko limodzilimodzi, chifukwa wolemba amangoti Uganda kapena Nepal, sanena kuti dziko losauka. Musalekere pa nkhokwe ya mapepala ya PubMed. Onaninso Embase, PsycINFO ndi CENTRAL, komanso African Index Medicus ndi LILACS, momwe mumapezeka mapepala a m'madera amene nkhokwe zazikuluzo zimawaphonya. Onaninso makaundula a akafukufuku amene analembetsedwa koma sanasindikizidwe, pakuti amene sanapeze phindu ndi amene kawirikawiri amakhalira m'kabati. Posefa, anthu awiri awerenge payekhapayekha, akasiyana wachitatu aweruze, ndipo chiwerengero cha otayidwa ndi zifukwa zake chilowe m'chithunzi cha PRISMA, chosonyeza mmene kusefa kwayendera.

Tsopano masamu amodzi okha, amene ambiri amapunthwapo. Ku Pakistan, posankha olandira thandizo, sanachite maere pa mayi mmodzimmodzi. Anachita maere pa madera 40, dera lonse n'kulowa mbali imodzi. Amayi a dera limodzi amafanana m'zambiri, mlangizi wawo ndi mmodzi, mavuto awo ndi ofanana, choncho amayi 903 amenewa sakutipatsa umboni wa anthu 903 osiyanasiyana. Timakonza ndi fomula iyi:

```
1 + (m - 1) x ICC
```

Apa m ndi chiwerengero cha amayi pa dera, pafupifupi 23. ICC ndi muyeso wa kufanana kwa anthu a dera limodzi. Tingoyerekeza kuti ndi 0.05, nambala yophunzirira chabe. Ndiye 22 kuchulukitsa ndi 0.05 ndi 1.1, kuwonjezera 1 ndi 2.1. Tikagawa 903 ndi 2.1 tipeza 430. Mwaona? Mukakopera manambala a amayi osakonza, kafukufukuyu alemera kuwirikiza kawiri kuposa mmene ayenera, ndipo yankho lathu lioneka lotsimikizika kuposa mmene lilili. Ngati olemba anakonza kale m'pepala mwawo, tengani nambala yokonzedwayo, musakonze kawiri.

Bambo uko afunsa kuti nanga zotsatira tizitenga za mwezi uti. Funso labwino, ndipo Chile ikutiyankha. Pa miyezi 3, malikisi a EPDS anali 8.5 kwa olandira thandizo ndi 12.8 kwa enawo. Pa miyezi 6 anali 10.9 ndi 12.5. Mpata unachepa kwambiri. Amene watenga mwezi wa 3 anena kuti njirayi ndi yamphamvu, amene watenga wa 6 anena kuti ndi yapang'ono, ndipo onse akuwerenga pepala limodzi. N'chifukwa chake timagawiratu nthawi m'ndondomeko, mwachitsanzo mpaka miyezi 3, kenako mpaka 6, kenako mpaka 12, ndipo timaphatikiza za nthawi yofanana zokhazokha.

Poyeza kudalirika kwa pepala lililonse tidzagwiritsa ntchito mndandanda wa mafunso wotchedwa RoB 2. Pa thandizo la kukambirana, mayi sangabisiridwe kuti akulandira thandizo, choncho musagwetse mapepala onse pa chifukwa chimenechi. Yang'anani ngati woyeza zotsatira ankadziwa gulu la mayiyo, ndiponso angati anasowa panjira. Ku Pakistan, mwa amayi 463 ndi 440 oyamba, anapezekanso 418 ndi 400 pa miyezi 6, kusowa kochepa komanso kofanana mbali zonse. Koma mukaona mbali imodzi yasowa ambiri, funsani ngati si odwala kwambiri amene analeka kubwera, chifukwa matendawa ndi amene amamumana mayi mphamvu yodzuka kupita kukaonedwa.

Tipume pang'ono. Tikabwerera, mukhale awiriawiri, aliyense adzaze fomu yake ya pepala la ku Khayelitsha osaonera mnzake, kenako tiyerekeze pomwe mwasiyana.