Amene Angagulitse Puloti ndi Amene Dzina Lake Lili pa Lizi

Zikomo a Gulupu, mafumu nonse, amayi ndi abambo. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Nkhani ya lero ndi ya puloti yomwe ili kale ndi lizi, monga malo ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay ndi ena a pa tauni pano pa Salima. Za munda wa makolo womwe sunalembetsedwe tiziike padera, zili ndi njira yakeyake. Puloti ya lizi umwini wake uli m'kaundula wa boma, ndipo umasinthira komweko. Kalata ya amfumu, pepani mafumu anga, siyisintha dzina la m'kaundula. Ngakhalenso pangano lomwe mwasainirana pamaso pa mboni zisanu, limangosonyeza kuti munagwirizana. Malowo amakhalabe a mwini dzina mpaka fomu yosinthira umwini italembetsedwa.

Tiyerekeze chonchi. Mayi wina akufuna kugula puloti ku Senga Bay pa mtengo wa K12,000,000. Wogulitsa ndi mnyamata, wabwera ndi fotokope ya lizi. Lizi ija ndi ya zaka 99, inayamba mu 1998, ndipo malowo ndi mahekitala 0.2, kutanthauza ngati mamita 40 mbali ina, 50 mbali inayo.

Choyamba mayiyu afunse lizi yeniyeni, osati fotokope. Fotokope aliyense angaitulutse. Lizi yeniyeni ikamavuta kuoneka, nthawi zambiri imakhala ili ku banki ngati chikole cha ngongole. Ndiye musanatulutse ngakhale tambala, tengani nambala ya lizi ija mupite nayo ku kaundula wa malo ku Lilongwe, poti ife a Salima ndi a Nkhotakota tili pansi pa ofesi ya malo ya Chigawo cha Pakati. Mumalipira kandalama kochepa, iwo n'kukufufuzirani. Kafukufukuyo amakuuzani dzina la mwini, zaka za lizi, ngati pali ngongole ya banki, komanso ngati wina anaikapo chiletso choti malowo asagulitsidwe chifukwa pali mkangano. Pakakhala ngongole, banki iyenera kupereka chikalata chomasula malowo, nachonso chilembetsedwe.

Tsopano apa mumvetsetse. Mayi uja wafufuza, wapeza kuti dzina la pa lizi si la mnyamatayo, ndi la bambo ake, omwe anamwalira. Mnyamatayo akuti, "Ndine mwana woyamba, abale onse akudziwa." Mwina sakunama n'komwe. Koma kubadwa woyamba sikupatsa munthu mphamvu yosaina fomu. Malamulo a chuma chamasiye a 2011 amafuna kuti pakhale munthu wopatsidwa chikalata ndi khoti choti ayendetse chuma cha malemuyo, kaya anasiya wilo kaya ayi. Munthu ameneyo ndiye amasaina, ndipo chikalata cha khoticho chimaperekedwa limodzi ndi fomu. Popanda chimenecho fomu ibwezedwa. Choopsa kwambiri n'chakuti mayi wamasiye ndi ana ena ali ndi gawo lawo pamalopo. Adzatulukira inu mutamanga kale mpanda wa njerwa, ndipo khoti lidzafunsa funso limodzi: amene anakugulitsaniyo anali ndi mphamvu yanji?

Ngakhale mwini ali moyo, yang'anani dzina chilembo ndi chilembo. Malizi ambiri ndi akale, pomwe ziphaso za unzika zinabwera mu 2017. Munthu pa lizi analemba dzina la bambo ake, pa chiphaso analemba la mfunda. Kapena mayi anatenga lizi asanakwatiwe, lero akudziwika ndi dzina la kwa amuna ake. Mudzi wonse ukudziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma wa kaundula sakhala m'mudzi mwanu. Zikatero wogulitsa alumbire pamaso pa loya kapena majisitireti kuti maina awiriwo ndi ake, kalata yolumbirayo iphatikizidwe. Ngati pa lizi pali maina awiri, onse awiri asaine. Mwamuna sangasainire mkazi wake pongoti ali kumunda.

Nanga fomuyo imafuna chiyani? Imafuna nambala ya malo monga ilili pa lizi, maina onse a wogulitsa ndi wogula ndi makeyala awo, mtengo womwe mwagulitsana, mawu a wogulitsa ovomereza kuti walandira ndalamayo, tsiku, ndi masiginecha. Kusainako kumachitika pamaso pa loya kapena munthu wololedwa kulumbiritsa, amene amatsimikiza kuti wosainayo wamuona ndi maso ndipo wasaina mwa kufuna kwake. Wosatha kulemba amadinda chala, atamuwerengera kaye zomwe zalembedwa. Fomu yopanda kanthu musasaine, ngakhale wina atati akalembera ku ofesi. Mukalakwitsa nambala, ndi bwino kungotenga fomu ina kusiyana n'kufufuta.

Nambala ya malo ija muiyerekeze ndi ya pa mapu a savea omwe amakhala mu lizi, kenako mupite pamalopo mukaone mabikoni, timiyala ta simenti ta m'makona tija. Kunyanja kuno mchenga umawakwirira, ena amazulidwa dala. Mapu akati 40 ndi 50 koma chingwe chanu chikupeza 30 ndi 50, itanani savea wovomerezeka musanalipire. Mwina a pafupi analowerera, mwinanso akukuonetsani puloti ina, ya pafupi ndi madzi, pomwe lizi ikunena ya kumtunda.

Wogulitsa ali ndi zina zoti abweretse. Popeza mwini nthaka ya lizi ndi boma, pamafunika chilolezo cha Unduna wa za Malo choti lizi isamutsidwe. Kumeneko amaona ngati renti ya pachaka ya malowo inalipidwa yonse, ndiponso ngati zomwe lizi inalamula zinatsatidwa. Malo omwe anaperekedwa kuti pamangidwe nyumba koma pangomera thengo angakanizidwe chilolezo. Pafunikanso chikalata cha ku MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi malisiti a msonkho wa khonsolo ngati malowo amalipiridwa. Ngongole za renti zikatsala, zimatsata malo, osati munthu amene wapita ndi ndalama zanu.

Wogula zake n'zochepa: chiphaso cha unzika, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndi dzina lolembedwa monga lilili pa chiphaso, osati la pa mpira kapena la ku tchalitchi. Unzika ndi wofunika chifukwa malamulo a malo a 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022, amaika malire pa anthu akunja. Ikakhala kampani, ibweretse chikalata chake cholembetsera. Mukamagula awiri, nenani pa fomu ngati ndi umwini wa pamodzi, woti wina akamwalira wotsalayo atenga zonse, kapena wa magawo, woti gawo la womwalirayo lipita ku chuma chake chamasiye. Kamzere kamodzi kameneka kamadanitsa mabanja.

Fomu ikasainidwa imalipiridwa msonkho wa sitampa. Pa mlingo wa 1.5 peresenti, K12,000,000 imapereka K180,000. Ena amanyengererana kulemba K5,000,000 kuti msonkho uchepe. Boma likhoza kuyesa lokha mtengo wa malowo, komanso malonda akasokonekera, pepala lidzati munalipira K5,000,000 basi. Zinazo mudzazifunsa kwa ndani?

Ikadindidwa, musaisunge m'sutikesi. Ipite ku kaundula msanga, chifukwa masiku olembetsera ali ndi malire ndipo kuchedwa kuli ndi chilango. Ndalama nazo musapereke zonse tsiku limodzi: kagawo posainirana pangano, zotsalazo chilolezo chikatuluka ndipo lizi yeniyeni yafika m'manja mwa loya. Pomaliza mufufuzenso ku kaundula muone dzina lanu.

Mayi uja akumbukirenso kuti zaka 99 siziyambiranso. Lizi ya 1998 idzatha mu 2097, ndiye akagula mu 2025 wagula zaka 72 zotsalazo.

Ndaona dzanja uko kwa amayi. Funsani.