Mphekesera ya Depo: mungaikonze bwanji mu vidiyo osachititsa munthu manyazi

[Wolankhula wakhala pakhonde, akuyang'ana kamera]

Moni nonse, makamaka inu amene mumajambula timavidiyo ta zaumoyo muno mu Blantyre, kaya ndinu anamwino, alangizi a zaumoyo kapena achinyamata ongodzipereka. Lero titenge mphekesera imodzi yokha basi, ija yakuti jakisoni wolera wa Depo amaumitsa, ati mayi akabayitsa ndiye kuti kubereka kwathera pompo. Nkhaniyi mumaimva pamzere wa sikelo ku Ndirande, pampopi ku Bangwe, ngakhale mu minibasi ya ku Limbe, ndipo amene amainena si anthu oipa ayi.

Musanayatse kamera, dzifunseni kaye kuti kodi anthuwa anaona chani kuti afike pokhulupirira zimenezi. Chifukwa chilipo chimene anaona. Depo amabayidwa miyezi 3 iliyonse, ndipo ntchito yake ndi kuletsa dzira kuti lisakhwime n'kutuluka. Amayi ambiri akabayitsa kwa kanthawi msambo umayamba kubwera modumphadumpha, kenako kwa ena umasiyiratu. Ndiye mayi akasiya kubayitsa, mankhwala aja satha m'thupi tsiku lomwelo, kwa ambiri zimatenga miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza kuti atenge pakati, ena mpaka chaka ndi theka. Tangoganizani mayi wasiya kulera mu Januwale, yafika Ogasiti kulibe kanthu, kumwezi sakupita, apongozi ayamba kufunsa, bambo kunyumba nkhope yasintha. Mayi ameneyu akanena kuti Depo wandiumitsa, sakunama za zimene zamuchitikira, walakwitsa potanthauzira pokha. Nde inu mukabwera mu vidiyo n'kunena kuti "limeneli ndi bodza lamkunkhuniza", iye amamva kuti mukumunena kuti ndi wabodza, ndipo foni amaizimitsa pomwepo.

Ndiye tiyeni tiikonze vidiyoyi pamodzi, ya masekondi 60 mpaka 90, yoti itumizike pa Watsapu osadya bandulo.

[Pa sikirini pakuoneka mawu oyambira awiri]

Woyamba akuti: "Anthu ena mpaka lero amakhulupirirabe kuti Depo amaumitsa." Mawu akuti "mpaka lero" ndi "anthu ena" aja ndi chipongwe chobisika, akutanthauza kuti ife anzeru tili uku, inu otsalira muli uko. Komanso chinthu choyamba kulowa m'khutu mwa woonera ndi mphekesera yomweyo.

Wachiwiri akuti: "Mukasiya Depo mimba imatha kuchedwa, mwina miyezi 10 kapena kuposerapo, koma kubereka kumabwerera." Apa mwayamba ndi choona, ndipo choonacho chikuvomereza zimene mayi uja anadutsamo. Amakhala tcheru chifukwa mwanena zake.

Mphekesera ija muitchule kamodzi kokha, pakati, ndipo muitchule mwaulemu: "N'chifukwa chake ambiri a ife tinamvapo kuti jakisoni amaumitsa, ndipo n'zomveka kuda nkhawa ukadikira miyezi yonseyo." Mwamva "ambiri a ife"? Mwadziikamo nanunso. Ndipo chonde musailembe mphekeserayi ndi zilembo zikuluzikulu zofiira pa sikirini kapena pachithunzi choyambira, chifukwa mavidiyo amadulidwa, wina amangojambula sikirini n'kutumiza ku gulupu ya mpingo, mawu akuti DEPO AMAUMITSA akuyenda okha ndi nkhope ya namwino pambali pake ngati umboni. Cholembedwa pa sikirini chikhale choona chokhachokha.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amathamanga, koma ndi pofunika kuchedwapo. Kungoti "si zoona" sikokwanira, munthu amatsala ndi funso lake lija, nanga magazi anga akupita kuti? Ambiri amaganiza kuti magaziwo akuunjikana m'mimba ndipo tsiku lina adzasanduka chotupa. Muwayankhe bwinobwino. Mwezi uliwonse mkati mwa chiberekero mumakhuthala kukonzekera mimba, mimba ikapanda kubwera zokhuthalazo zimayoyoka, ndiwo msambo umenewo. Mayi akakhala pa Depo mkatimo simukhuthala kwenikweni, ndiye palibe choti chituluke, palibenso chimene chikusungidwa. Mankhwala akatha mphamvu mazira amayambanso kukhwima, msambo umabwerera. Ndipo kuchedwaku sikutengera kuti mwabayitsa zaka zingati, wa chaka chimodzi ndi wa zaka zisanu onse amawerengera kuchokera pa jakisoni womaliza. Mukafotokoza chonchi munthu amasintha maganizo popanda kuvomera pagulu kuti anapusitsidwa, amangoti ooo, kani zimakhala choncho.

Musabise zovuta zenizeni pofuna kuti Depo aoneke wabwino. Ena amanenepa, ena amadontheza magazi masiku ambiri makamaka miyezi yoyambirira, ena mutu. Mukati alibe vuto lililonse, mayi amene ananenepa uja adziwa kuti mukukometsera, ndipo zina zonse zimene mwanena azitaya limodzi. Nenaninso poyera kuti amene akufuna mwana chaka chomwechino Depo mwina si njira yomuyenera, akambirane ndi anamwino za mapilitsi, lupu kapena ya pamkono, chifukwa zimenezi ukasiya kapena akakuchotsa kubereka kumabwerera msanga.

Nanga uja amene wadikira nthawi yaitali koma mimba osabwera? Ameneyu musamuiwale, ndi amene vidiyoyi ingamupweteke kwambiri. Kusabereka kulipo ndithu, ndipo kuli ndi zoyambitsa zake, monga matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe bwino n'kutseka njira za mazira, kapena vuto la mbewu ya abambo. Muuzeni chochita: ngati chaka chatha chibayitsireni komaliza ndipo msambo sunabwerere, kapena msambo unabwerera koma mwayesa chaka chathunthu osatenga pakati, pitani kuchipatala cha kwanuko, Zingwangwa, Chilomoni, kulikonse muli pafupi, ndipo mupite awiri ndi bambo, akaone nonse. Amene akuchita manyazi kufunsa pamaso angathe kuimba Chipatala Cha Pa Foni.

Za amene aoneke mu vidiyo. Ndimaona timasewero tambiri tomwe timaika agogo kapena apongozi ngati mbuli yoyankhula zoseketsa, kenako namwino n'kubwera kudzawadzudzula, anthu n'kumaseka. Zimenezi zisiyeni. Apongozi omwewo ndi amene amamvedwa pakhomo, mukawanyoza mwatseka khomo lonse. Bola muwaike akufunsa funso lanzeru, "nanga mwanawe magaziwo akupita kuti?", namwino n'kuyankha mwaulemu, "mwafunsa bwino mayi". Ngati mukufuna mayi weniweni amene anasiya Depo n'kudzabereka, apereke chilolezo iye mwini atamvetsa kuti vidiyo ikapita siibwezeka ndipo ifika kwa anthu a kwawo, poti amayi ena amalera mobisa, amuna awo osadziwa. Osajambula anthu ali pamzere wa kulera, olo chakumbuyo.

Musanaitumize iyeseni. Onetsani amayi angapo amene si a zaumoyo, aliyense payekha, osawafunsa kuti yakoma, chifukwa aliyense angoti yakoma. Afunseni kuti mukakafika kunyumba mukawauza anzanu kuti vidiyoyi ikuti chani. Akati "ati mimba imachedwa koma imabwera", zatheka. Akati "ati Depo amaumitsa eti", ndiye kuti mphekesera yamveka kuposa yankho, ifupikitseni ndipo choona chija muchibwereze kumapeto. Afunseninso ngati angaitumize kwa apongozi awo kapena mchemwali wawo amene amakhulupirira nkhaniyi. Akazengereza, afunseni ndi pati pamene pawavuta, mubwerere pa sekondi imeneyo, nthawi zambiri mupeza ndi kamawu kamodzi, kapena kaseko ka wolankhula potchula mphekesera ija. Jambulaninso kagawo kameneko.