Seva ya eniake ikagwa, usamagogode sekondi iliyonse

Aise, ndaona logi wanditumizira ija, ndiye ndangoti ndikujambulire mawu chifukwa kulemba zonsezi nditopa. Marikwesiti ako 500 aja angokhala pa `pending` chifukwa seva ya mbali inayo yagwa, iwe sungaidzutse, koma pulogalamu yako momwe ikuchitira panopa ikuwonjezera moto.

Choyamba, ndaona kuti sunaike `timeout`. Rikwesiti yopanda malire a nthawi imatha kungokhala chidikirire, osalephera osatheka, ndiye kuyesanso kuja sikuyamba nkomwe popeza pulogalamu ikuganiza kuti yankho lili m'njira. Ika `timeout=10`, seva ikakhala chete masekondi 10 uziwerengera kuti ulendo umenewo walephera. Izi chitiratu usanakhudze china chilichonse.

Tsopano nkhani yeniyeni. Zomwe zalephera iwe ukumaziyesanso pakangotha sekondi imodzi, ndiye taganiza, zonse 500 zikayamba kulephera ndiye kuti marikwesiti 500 sekondi iliyonse akukagogoda pa seva yomwe ikuvutika kudzuka, ndipotu si iwe wekha, makasitomala ena onse a seva imeneyo akuchitanso chimodzimodzi. Ikangoti idzuke pang'ono mukuigwetsanso nokha. Ndiye uchite chonchi: ikalephera koyamba dikira sekondi 1, kachiwiri 2, kenako 4, 8, 16, 32, ulendo uliwonse kuwirikiza kawiri. Koma uike polekezera, tinene masekondi 60, chifukwa ukangosiya kuwirikiza kumapitirira mpaka 512, 1024, seva kudzuka kalekale iwe uli chidikirire mphindi 17. Ukayesa maulendo 8 udikira maulendo 7, ndiye 1, 2, 4, 8, 16, 32 ndi 60, zonse pamodzi masekondi 123, kuonjezerapo ma `timeout` aja.

Pali kanthu kena komwe anthu ambiri amaiwala, inenso poyamba ndinkakaiwala. Marikwesiti 500 aja analephera nthawi imodzi eti? Ndiye onse adikira sekondi 1 limodzi, onse 2 limodzi, onse 4 limodzi, akufikabe pa seva ngati chigulu. Mu logi uzindikira mosavuta, pamakhala zii, kenako mizere mazanamazana yokhala ndi sekondi yofanana, kenako zii kachiwiri. Mankhwala ake ndi kusankha nthawi mwachisawawa pakati pa 0 ndi nambala ija, muzolemba amati `jitter`. Mzere wake ndi uwu, ndauikanso pa meseji:

```python
kudikira = random.uniform(0, min(60, 2 ** n))
```

`n` ayambire pa 0, aziwonjezeka ndi 1 ulendo uliwonse ukalephera. Pa `n` wa 4 wina adikira masekondi 3, wina 11, wina 15, ndiye 500 aja amwazikana m'masekondi 16 m'malo mogwera pa sekondi imodzi.

Komanso si cholakwika chilichonse choyenera kuyesanso ayi. Ukaona 502, 503, 504, kapena kulumikiza kwakanika, yesanso. 429 ndiye kuti akukuuza kuti wachulutsa, chepetsa liwiro. Pa 429 ndi 503 uziyang'ana ngati atumiza `Retry-After`, akati 120 iwe dikira masekondi 120 amenewo, eniake akudziwa bwino kuposa masamu ako. Koma 400, 401, 404 usataye nthawi, vuto lili pa zomwe watumiza, ngakhale utayesa ka 100 yankho likhala lomwelo.

Apa ndiye ndimvetsere bwino chifukwa ndi pomwe pamapweteka. `timeout` sikutanthauza kuti ntchito sinachitike. Mwina seva inalandira, inagwira ntchito yonse, yankho lokha ndi lomwe linasochera pobwerera. Ngati ndi `GET` palibe vuto, kuwerenga kawiri sikuononga kanthu. Koma zako zija ndi `POST` zopanga oda, ukayesanso mwachimbulimbuli munthu mmodzi apezeka ndi maoda awiri. Ndiye oda iliyonse uipatse nambala yakeyake usanaitumize koyamba, uisunge, ndipo poyesanso uzitumiza nambala yomweyo, osati yatsopano. Ma API ambiri amailandira pa `Idempotency-Key`, yang'ana zolemba zawo. Ngati alibe zimenezo, uyambe wafunsa seva ngati oda ija ilipo kale usanatumizenso.

Maulendo 8 akakwana osatheka, leka. Isinthe kuchoka pa `pending` kupita pa `failed`, uisunge pambali pamodzi ndi cholakwika chomaliza kuti udzaitumizenso seva ikadzuka, ndipo wogwiritsa ntchito umuuze zoona kuti sizinatheke, asamangoona kachizindikiro kakuzungulira. China, tayang'ana ngati laibulale yomwe ukugwiritsa ntchito siikuyesanso payokha, chifukwa iyo ikamayesa katatu iwe ka 8, rikwesiti imodzi ikhala 24. Ukakonza unditumizirenso logi, ndikufuna ndione ngati mipata ya nthawi ikukuladi.