Khoma likukwera, nanga masiku akwana?

Zikomo amfumu, a komiti ya sukulu, amayi ndi abambo nonse. Mukafunsa mmisiri kuti ntchito ili pati, yankho mumalidziwa kale: "Tatsala pang'ono." Sikuti amanama, koma yankho limeneli silingatiuze ngati buloko yathu ifoleredwe mvula isanagwe. Pamafunika manambala awiri, ndipo tiziwayang'ana pamodzi.

Tiyerekeze kuti tinagwirizana kuti gawo la khoma, kuchoka pamaziko kufika poika lintala, litenga masiku 40 ogwira ntchito, osawerengera Lamulungu. Lero apita masiku 30. Gawani 30 ndi 40, mupeza kuti tadya 75 peresenti ya nthawi. Nambala yoyamba ndi imeneyo.

Yachiwiri musaifunse kwa munthu, pitani pakhoma mukawerenge. Ngati pakufunika mizere 30 ya njerwa ndipo yamangidwa 18 kuzungulira buloko yonse, ntchito yafika pa 60 peresenti. Ndati kuzungulira, chonde. Mbali yoyang'ana kumsewu ikhoza kukwera bwino pomwe kuseri khoma lidakali m'chiuno.

Ndiye taonani: nthawi 75, ntchito 60. Tatsalira. Wina anena kuti kusiyana kwa 15 n'kochepa, koma tiyeni tikusandutse masiku. Mizere 18 yatenga masiku 30, kutanthauza kuti mizere itatu iliyonse ikudya masiku asanu. Yatsala 12, choncho pakufunika masiku ena 20, pomwe ife tatsala ndi 10 okha. Mayendedwe akapanda kusintha, gawoli litha pa tsiku la 50, osati la 40. Amasamu mukhoza kungogawa 60 ndi 75, mupeza 0.8. Yankho likachepera 1, ntchito ili m'mbuyo. Likaposa 1, ili patsogolo.

Ndipotu masiku 20 amenewa ndawerengera mokomera. Mizere yam'mwamba imachedwa kuposa yam'munsi, chifukwa pamafunika kumanga nsanja ndi kukweza njerwa ndi matope pamanja.

Chimene chimasokoneza makomiti ambiri n'kuwerenga ndalama m'malo mwa ntchito. Msungichuma akati tagwiritsa ntchito 80 peresenti ya ndalama, anthu amaomba m'manja ngati kuti khoma lafikanso pa 80. Ayi ndithu. Simenti yomwe ili m'stolo ndi njerwa zounjika pabwalo si khoma.

Mukaona kuti tatsalira, musathamangire kukalipira mmisiri. Mufunseni kuti ndi masiku ati amene anakhala osamanga, ndipo chinasowa n'chiyani. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi mchenga kapena madzi, zomwe ndi mbali yathu ife eni mudzi. Zikatero, kuwonjezera amisiri sikuthandiza. Tikonze ndandanda ya midzi yotuta mchenga.

A komiti, muziwerenga Lachisanu lililonse n'kulemba manambala awiriwa m'kope la sukulu. Kusiyana kukamakula milungu iwiri yotsatizana, itanitsani msonkhano pomwepo, masiku okonzera zinthu akadalipo.